Kodi David Kaunda Anali Mmalawi? Kulemba Dziko la Munthu Amene Maboma Anamusinthira Ali Moyo

 Ndithokoze eni nthaka ino, Asoli a Amayi Nkomeshya Mukamambo II, amene tonse okhala kuno ku Chongwe timamwa madzi awo.

Ambiri mwa inu munapatsidwapo ntchito yolemba mbiri ya malemu kuti iwerengedwe pamaliro. Ena mumalemba mbiri za anthu otchuka pabolodi kuti ana akopere m'makope. Mzere woyamba umaoneka wosavuta: dzina, tsiku lobadwa, kenako dziko. Koma munthu amene mukulembayo akakhala kuti anabadwa kale ndithu, dzanja limaima pa mawu achitatuwo. Mulemba dziko liti, poti dziko limene anabadwiramo kulibenso, ndipo limene lilipo lero iye sanalione, kapena analiona atakalamba kale? Ndikufuna tikambirane funso limeneli lero, ndipo ndiligwira kudzera mwa bambo ndi mwana wake, David Kaunda ndi Kenneth Kaunda, amene dzina lake lili pabwalo la ndege lomwe lili m'boma lathu lino.

Tisanapite ku Chinsali, tiyambe taona pansi pomwe takhalapa. Tiyerekeze gogo wina wa Chisoli amene anabadwa cha m'ma 1890 m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, nakhala pamudzi womwewo kufikira imfa yake mu 1970. Pobadwa iye, ulamuliro umene makolo ake ankaudziwa unali wa mfumu yawo. Pofika 1900 dera lino linkawerengedwa mbali ya North-Eastern Rhodesia, imene likulu lake linali Fort Jameson, Chipata wa lero, ndipo wolamulira anali kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Mu 1905 malire a pakati pa zigawo ziwiri za kampaniyo anasunthidwa kuchoka pa mtsinje wa Kafue kubwera chakum'mawa, dera la Lusaka n'kugwera ku North-Western Rhodesia. Mu 1911 zigawo ziwirizo zinaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, kampani ikulamulabe. Pa 1 Epulo 1924 kampani inatula pansi udindo, boma la Britain n'kutenga dziko ngati lolitetezera. Mu 1953 linalowetsedwa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha pa 31 Disembala 1963. Pa 24 Okutobala 1964 kunabadwa Zambia. Gogoyu sanasamukepo, munda wake unali womwewo, manda a makolo ake pomwepo, koma mlembi amene akanamutsata ndi cholembera akanasintha dzina la dziko lake kangapo konse. Pa zaka pafupifupi 80 za moyo wake, zisanu ndi chimodzi zokha zomalizira ndizo anali nzika ya Zambia.

Ndiye mukamulemba kuti "anali Mzambia", simunaname, pakuti anafa ali nzika ya Zambia. Mukalemba kuti "anabadwira ku Zambia mu 1890", apo mwalemba chinthu chimene sichikanatheka. Ndipo mkulu wake amene anamwalira mu 1950 sanakhalepo nzika ya Zambia ngakhale tsiku limodzi, chonsecho anabadwa m'nyumba yomweyo. Vuto lonse lagona pakuti tikamati "dziko la munthu" timaphatikiza mafunso atatu osiyana. Pali malo amene anabadwira. Pali chimene malamulo a boma la nthawiyo ankamuyesa. Palinso anthu ake, amene iye ankati ndi kwawo. Kwa mwana wobadwira pachipatala cha Chongwe chaka chatha, mayankho atatuwa amagwirizana, n'chifukwa chake sitiona kuti ndi atatu. Kwa anthu a m'badwo wa agogo athu amapatukana, ndipo wolemba wosamala amawayankha limodzilimodzi.

Tsopano tipite kwa David Kaunda. Iyeyu anali Mtonga wa m'mbali mwa nyanja, kudera la Bandawe, m'boma limene lero ndi Nkhata Bay. Anabadwa Britain isanalengeze kuti dera limenelo ndi lake, pakuti chilengezocho chinachitika mu 1891. Pamene ankaphunzira pa mishoni ya Livingstonia, ya Dr Robert Laws, dzikolo linkatchedwa British Central Africa. Dzina loti Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1907, ndipo pofika chaka chimenecho David anali atachokako kale: anayamba kufika ku Chinsali ndi anzake a Livingstonia mu 1904, n'kukhazikikako kuyambira 1905 monga mphunzitsi ndi mlaliki pakati pa Abemba. Chinsali wa nthawiyo anali mu North-Eastern Rhodesia. Ntchito imene anayambitsa ndiyo inabala mishoni ya Lubwa. Iye anadzozedwa ubusa, namwalira mu 1932, mwana wake Kenneth ali ndi zaka 8.

Tsegulani mabuku ambiri, mupeza akuti bambo a Kaunda anali "Mmalawi", kapena kuti "anachoka ku Malawi kubwera ku Zambia". Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964. David Kaunda anali atagona m'manda zaka 32. Unzika wa Malawi sanaukhudzepo, wa Zambia chimodzimodzi. Ngakhale mawu oti anachoka ku Nyasaland ali ndi kachilema, poti anachoka dzinalo lisanabadwe, komabe kameneko n'kakang'ono ndipo ndingakakhululukire, chifukwa dzina loti Nyasaland anthu ankalitchula pakamwa boma lisanalilembe. Chimene sindikhululukira ndi kumupatsa unzika wa dziko limene kunalibe, chifukwa tiona posachedwa zimene mawu amenewo anachita kwa mwana wake.

Nanga malamulo ankamuyesa chiyani? Apa mpamene ambiri timasokonezeka, poganiza kuti aliyense wolamulidwa ndi Britain anali chimodzimodzi. Ayi. Britain inali ndi mitundu iwiri ya maiko m'chigawo chathu chino. Southern Rhodesia, kuyambira 1923, inali koloni, nthaka ya Mfumu ya ku Britain, ndipo mwana wobadwira kumeneko, wakuda kapena woyera, ankabadwa ali munthu wa Mfumuyo. Northern Rhodesia ndi Nyasaland anali maiko otetezedwa. Pamalamulo nthaka yake sinali ya Mfumu, ndipo Mwafirika wobadwiramo ankatchedwa munthu wotetezedwa ndi Britain. Ankakhoma msonkho, ankanyamula chitupa, ankatha kupita kunkhondo ya Mfumu ku Burma, koma sanali munthu wa Mfumuyo m'lingaliro la lamulo. Kusiyana kumeneku kunali ndi mano. Kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, woponya voti ku Northern Rhodesia ankayenera kukhala munthu wa Mfumu, choncho Mwafirika wophunzira, wolandira malipiro abwino, ankatsalabe kunja pokhapokha atachita kufunsira kuti asinthe. Ndipo pamene Chitaganya chinapanga unzika wakewake ndi lamulo la mu 1957, anthu otetezedwa sanangodzuka m'mawa ali nzika za Chitaganya. Wofuna ankachita kukalembetsa. Pachifukwa chimenechi musamafulumire kulemba kuti wakutiwakuti anali "nzika ya Chitaganya" kokha chifukwa anali moyo pakati pa 1953 ndi 1963. Ambiri mwa amene ankalimbana ndi Chitaganyacho ankaumirira kuti iwo ndi otetezedwa ndi Britain, chifukwa chimenecho ndicho chinali chogwirira chawo pokana kulamulidwa ndi azungu a ku Salisbury.

Choncho mzere woona wa David Kaunda ungalembedwe motere: mbusa ndi mphunzitsi wa Chitonga, wobadwira kudera la Bandawe, m'dziko limene lero ndi Malawi, amene anagwira ntchito ku Chinsali, ku North-Eastern Rhodesia ndipo kenako Northern Rhodesia, kuyambira 1905 mpaka imfa yake mu 1932. Mzerewu ndi wautaliko, inde. Koma taonani zimene wachita. Wanena anthu ake. Wanena malo, ndi dzina la lero kuti wowerenga awapeze pamapu. Wanena kumene moyo wake unathera. Palibe pamene wamupatsa pasipoti imene sanaigwirepo.

Kenneth Kaunda anabadwira pa Lubwa pa 28 Epulo 1924, patangotha masiku 27 kampani itapereka dziko kwa boma la Britain. Anabadwa ali wotetezedwa ndi Britain, ndipo anakhala wotero zaka 40: ali pasukulu ku Munali, akuphunzitsa, ali mlembi wamkulu wa African National Congress, ali m'ndende mu 1959, ngakhale pamene anali nduna yaikulu ya Northern Rhodesia kuyambira Januwale 1964. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1964 anakonza nkhani ya unzika mwachidule. Ndime yachitatu inati munthu aliyense wobadwira ku Northern Rhodesia, amene pa 23 Okutobala 1964 anali wotetezedwa ndi Britain, adzakhala nzika ya Zambia pa 24 Okutobala. Tamvetsani bwino mafunso amene ndimeyi ikufunsa. Unabadwira kuno? Dzulo lake la ufulu unali wotetezedwa? Basi. Siifunsa mtundu, siifunsa mfumu. Gogo wathu wa Chisoli uja ndi mwana wa mbusa wa Chitonga analowa pakhomo limodzi, usiku umodzi. Palibe mmodzi mwa iwo amene anatsogolera mnzake pa unzika, pakuti dzulo lake unzikawo kunalibe.

Kwa zaka pafupifupi 30 palibe khoti limene linafunsidwa za nkhaniyi, ngakhale adani a Kaunda pandale ankanong'ona kuti mkuluyu ndi Mnyasa. Zinthu zinatembenuka atagonja pachisankho cha 1991 n'kufuna kubwereranso. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linasintha malamulo oyendetsera dziko, n'kuikamo ndime yoti wofuna upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi Azambia mwa kubadwa kapena mwa kuchokera kwa makolo awo. Aliyense anadziwa amene ndimeyi inkalasa. UNIP inanyanyala chisankho cha mu Novembala chaka chimenecho. Koma onani msampha umene olemba ndimeyo anadzitchera okha. Aliyense amene anali wamsinkhu woimira upulezidenti mu 1996 anabadwa Zambia isanakhaleko, ndipo makolo ake anabadwa kale kwambiri. Ndi kholo liti limene likanabadwa lili Mzambia mu 1910 kapena mu 1920?

Funso limeneli linafikadi ku Khoti la Suprimu, koma osati pa Kaunda. Akashambatwa Mbikusita-Lewanika, Dean Mung'omba ndi anzawo anasumira Chiluba mwiniwakeyo, ponena kuti bambo ake sanali a dziko lino. Chigamulo chinaperekedwa mu Novembala 1998, mkulu wa oweruza ali Matthew Ngulube. Khoti linakumbutsa kuti unzika wa Zambia unayamba pa 24 Okutobala 1964, kuti lisanafike tsikulo anthu a kuno anali otetezedwa ndi Britain, ndipo kuti Chiluba, monga wobadwira kuno, anakhala nzika pa tsiku la ufulu. Linaona kuti kufufuza ngati makolo a munthu wa m'badwo umenewo anali Azambia obadwa n'kufunafuna chinthu chimene lamulo silinali kuchidziwa panthawiyo. Mlandu unagwa, Chiluba anakhalabe pampando.

Mukadaganiza kuti chigamulo chimenechi chamasulanso Kaunda. Koma pa 31 Malichi 1999, patangopita miyezi yochepa, Hayi Khoti ya ku Ndola, pamlandu umene anabweretsa Remmy Mushota ndi Patrick Katyoka, inagamula kuti Kenneth Kaunda si nzika ya Zambia. Maganizo a khotilo anatsata makolo: poti iwo anachokera ku Nyasaland, mwanayo anali wa kumeneko, ndipo poti iye anali atakana kale unzika wa Malawi, ndiye kuti analibe dziko lililonse. Munthu amene analamulira Zambia zaka 27, amene nkhope yake inali pa kwacha, anauzidwa ali ndi zaka 74 kuti alibe kwawo. Chigamulocho chinafafanizidwa ku Khoti la Suprimu mu 2000, ndipo pamene anamwalira pa 17 Juni 2021 anaikidwa ku Embassy Park mwaulemu wonse wa boma. Ine ndimati chigamulo cha ku Ndola chinali cholakwika, ndipo kulakwa kwake n'komwe kuja kwa mwana wasukulu wolemba kuti David Kaunda anali Mmalawi. Chinatenga malire a 1964 n'kuwabweza m'mbuyo kukawaika pa munthu woyenda wapansi kuchoka ku Livingstonia kupita ku Chinsali mu 1904, pamene mbali zonse ziwiri zinali pansi pa mbendera imodzi ndipo mlaliki ankadutsa popanda womufunsa pasipoti.

Musaganize kuti zimenezi zinagwera wamkulu yekhayo. Mu 1994 andale awiri a UNIP, William Banda ndi John Chinula, anathamangitsidwa m'dziko muno n'kukatayidwa ku Malawi ponenedwa kuti si Azambia. Chinula anafera komweko. Bungwe loona za ufulu wa anthu mu Afirika, lokhala ku Banjul, linagamula mu 1999 kuti Zambia inawalakwira, ndipo mu 2001 linatsutsanso ndime ija ya makolo. Ndimeyo inachotsedwa pa kusintha kwa malamulo kwa mu 2016, kumene kunalolanso Mzambia kukhala ndi unzika wa maiko awiri. Kutatsala zaka ziwiri kuti izi zichitike, Guy Scott, wobadwira ku Livingstone mu 1944 kwa makolo ochokera ku Britain, anagwirizira upulezidenti atamwalira Michael Sata, dziko lonse likukangana ngati ndime yomweyo ikanamulola kuima pachisankho.

Pali amene amati njira yachidule n'kungotsata kumene munthu anabadwira, basi. Yesani njirayo pa Rupiah Banda. Anabadwira ku Gwanda pa 19 Febuluwale 1937, makolo ake atapita kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia, monga ankachitira anthu ambirimbiri a kum'mawa. Gwanda lero ali mu Zimbabwe. Kodi tilembe kuti pulezidenti wachinayi wa Zambia anali Mzimbabwe? Dzina loti Zimbabwe linakhala la dziko mu 1980, iye atatumikira kale Zambia monga kazembe ndi nduna yoona za maiko akunja. Kumene munthu anabadwira ndi mfundo imodzi, yofunika kuilemba molondola, koma siimeza mfundo zinazo. Ena amati titsate bambo. Yesani pa Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi wa pawailesi, wobadwira ku Kasama mu 1922, bambo ake Mtonga wa ku Nyasaland, mayi ake Mbemba. Kwa Abemba mwana ndi wa kwa mayi, monga zilili kwa Asoli ndi kwa Achewa. Malamulo a Britain, amene maiko athu anatengera pa ufulu, ankatsata bambo. Choncho mwambo ukhoza kuloza kuno pamene pepala likuloza uko, ndipo wolemba amene wasankha chimodzi mwakachetechete wabisa theka la nkhani. Nkhata anaphedwa mu Okutobala 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira kudera la Mkushi, ndipo Zambia imamuwerenga ngati wake. Nzoona, anafa ali Mzambia. Koma mbiri yabwino imanenanso za bambo akewo, osawachita manyazi.

Vutoli si lathu lokha. Wolemba mabuku Franz Kafka anabadwira ku Prague mu 1883, mu ufumu wa Austria-Hungary, m'banja la Chiyuda, nalemba m'Chijeremani. Ufumuwo unatha mu 1918, iye n'kukhala nzika ya Czechoslovakia, namwalira mu 1924. Czechoslovakia nayo inagawika pa chiyambi cha 1993. Olemba osamala samutchula ndi dzina la dziko limodzi. Amanena mzinda, chinenero ndi anthu ake. Ngati Azungu amalola mzere wautali pa munthu wawo, nafenso tiulole pa athu.

Tsopano tibwere pa ntchito imene ili m'manja mwanu. Mwapatsidwa dzina la munthu, mulembe mbiri yake. Choyamba lembani zaka ziwiri, chobadwa ndi chomwalira, ndipo pakati pake ikani 1964. Ngati anamwalira chisanafike chaka chimenecho, mawu oti nzika ya Zambia kapena ya Malawi asalowe m'mbiri yake. Kwa wa ku Mozambique chaka chake ndi 1975, kwa wa ku Zimbabwe ndi 1980. Kachiyeso kameneka kokha kamagwira zolakwa zambiri: mukaona dzina la dziko limene ndi laling'ono kuposa manda a munthuyo, dziwani kuti wolemba wabwereka za lero. Kenako tchulani malo obadwira ndi dzina la nthawiyo, n'kuwonjezera la lero kamodzi kokha: ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ku Feira, kumene lero ndi Luangwa. Mukatero simufunikanso kubwereza m'ndime iliyonse.

Ngati munthuyo anawoloka 1964 ali moyo, funsani kuti analowa bwanji mu unzika. Wobadwira kuno analowa ndi ndime yachitatu ija. Koma amene anabadwira ku Nyasaland kapena ku Tete n'kubwera kudzagwira ntchito pafamu za m'mbali mwa msewu wa Great East, kapena kudzaphunzitsa atamaliza kosi ku Chalimbana, sanasanduke nzika chifukwa chongokhala kuno nthawi yaitali. Ena anakalembetsa, ena sanalembetse mpaka imfa, chonsecho ana awo ndi Azambia. Apa m'pofunika kufunsa abale kuti atulutse mapepala m'sutikesi, ndipo pepala lililonse mulifunse funso limene lingathe kuyankha. Kalata ya ubatizo imakuuzani malo ndi chaka, koma siinena za unzika. Chitupa cha nthawi ya atsamunda chimanena mudzi, mfumu ndi boma kumene munthu ankakhomera msonkho, ndipo zambiri zinatenthedwa dala pa Chachacha mu 1961, choncho kusowa kwake si umboni wa kanthu. Reji, imene inayamba kuperekedwa ufulu utangobwera, ikakhala yobiriwira imasonyeza kuti boma linamulandira ngati nzika, ndipo ya mtundu wina imasonyeza kuti linkamuyesa mlendo. Koma mudzi ndi mfumu zolembedwa pa rejipo ndi zimene mwiniwake anauza kalaliki tsiku limenelo. Tonse tikudziwa mabanja amene agogo awo anatchula mfumu ya kuno, ya kwa mkazi wawo kapena ya kwa bwenzi, kuti zinthu ziyende msanga. Ndipo chaka chobadwa cholembedwapo kawirikawiri chinali chongoyerekeza poyang'ana nkhope, popeza kulembetsa kubadwa kwa mwana aliyense kunakhala lamulo la onse mu 1973.

Mapepala awiri akatsutsana, musasankhe limene likukukomerani. Lembani zonse ziwiri ndi mwini wake wa mawuwo: reji yake imati anabadwira kwa Mfumu yakuti, koma ana ake amati anabwera ali mnyamata kuchokera kutsidya kwa malire. Chiganizo chotere sichinyoza malemu. Chimasiyira mdzukulu amene adzafune kufufuza poyambira, kaya m'mabuku a mpingo, kaya m'mabuku akale a maboma amene amasungidwa kunyumba yosungira zakale ku Lusaka.

Funso lachitatu lija, la anthu ake, nthawi zambiri ndilo limene mwiniwake akanayankha msanga. Mukanakumana ndi gogo wa Chisoli uja mu 1930 n'kumufunsa kuti ndinu a kuti, sakanati ndine wa Northern Rhodesia. Akanatchula mudzi, mfumu ndi mfunda wake. Mchewa wa ku Katete, wa ku Mchinji ndi wa ku Chifunde amakumana ku Mkaika pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi, ngakhale ali ndi mapasipoti atatu osiyana. Kwa munthu ngati Mpezeni, amene anawoloka Zambezi ali mwana mu 1835 ndi gulu la bambo ake Zwangendaba namwalira mu 1900, mawu oti mfumu ya Angoni ndi okwanira, ndipo kumuyesa Msauthafirika kapena Mzambia n'kumuveka malaya a mwini. Komabe pano ndikuchenjezeni. Mtundu ndi wothandiza pofotokoza munthu wakale amene analibe unzika wa boma lililonse la lero. Ukagwiritsidwa ntchito pa munthu wamoyo kuti uchepetse unzika wake, wasanduka chida chomwe chija cha mu 1996. Mfunda woti Banda, Phiri, Mwale kapena Tembo umapezeka mbali zonse za malire, ndipo suuza munthu kuti mwiniwake ndi nzika ya kuti.

Mwina wina afunsa kuti, nanga mabuku a sukulu akamati Mpezeni kapena David Kaunda ndi anthu a m'mbiri ya Zambia, akulakwa? Sakulakwa. Mbiri ya Zambia ndi mbiri ya zonse zimene zinachitika panthaka imene lero ndi Zambia, ndipo munthu angakhale wa m'mbiri ya Zambia ndi ya Malawi nthawi imodzi popanda kulimbirana. David Kaunda ndi wa m'mbiri ya Livingstonia, ndiponso wa m'mbiri ya Lubwa. Chimene ndikukana ndi kusandutsa mawu amenewo kukhala chiweruzo cha unzika. Pamene malo akuchepa, monga pa chipilala cha pamanda kapena pansi pa chithunzi, ndipo simungathe kulemba mzere wautali, siyani dzina la dziko, lembani malo ndi zaka: David Kaunda, mbusa wa ku Lubwa, anamwalira 1932. Za mwana wake mungalembe mosaopa kuti Mzambia, wobadwira ku Lubwa, ku Northern Rhodesia, mu 1924, nzika ya Zambia kuyambira 24 Okutobala 1964.

Aphunzitsi, pempho langa kwa inu ndi ili. Temu ino patsani ana ntchito yoti aliyense akafunse kunyumba za gogo mmodzi amene anabadwa 1964 isanafike, abwere ndi mudzi umene anabadwira, dzina la dziko la nthawiyo, dzina la lero, ndi chaka chimene analandira reji. Mukamachonga, mwana amene walemba kuti agogo ake anabadwira ku Zambia mu 1940 musamupatse zonse, mubwezereni akakonze. Ndipo amene wapeza kuti agogo ake anachokera ku Mzimba, ku Zumbo kapena ku Bulawayo, muuzeni awerenge pamaso pa anzake mokweza, pakuti m'kalasi lililonse la kuno ku Chongwe simudzalephera kupeza wotero.